Nkhope ya anganga pa matisheti 40: mmene ntchito yayendera

Lolemba, 7 Okutobala

Kwabwera mayi wina wa ku Malindi pa kashopu kanga kosindikiza matisheti pano pa boma la Mangochi. Banja lawo likukumana mu Disembala, ndipo akufuna matisheti 40 okhala ndi nkhope ya anganga awo, amene zaka zawo zapitirira 80. Sakufuna chithunzi chenicheni chomata ndi pepala lotenthetsa, chifukwa anachitapo kale ndipo chinasweka atangochapa kanayi. Akufuna chojambula cha inki, cha mitundu iwiri, pa tisheti ya mtundu wa mkaka.

"Achimwene, chachikulu anthu akangoona adziwe kuti ndi anganga. Zina zonsezo ndi zanu."

Ndalemba mawu amenewa pakhoma, chifukwa ndiwo adzaweruze ntchitoyi. Njira ndili nazo zitatu: fyuluta ya katuni, pulogalamu ya AI ya Stable Diffusion yosandutsa chithunzi kukhala chithunzi china, ndi kulondola nkhope ndi dzanja mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape. Ndaganiza zoyesa zonse pa chithunzi chimodzi chomwechi ndi kulemba zimene zichitike, poti anzanga angapo amandifunsa kuti njira yabwino ndi iti, ndipo ine ndimangoyankha za mmutu.

Chithunzi chimene anditumizira pa foni sichingagwire ntchito. Chadutsa m'mafoni atatu, ndipo foni iliyonse yachifinya. Nkhope yonse ndi mapikiseli osakwana 200 m'lifupi, ndipo ndikachikulitsa ndikuona timabokosi pa tsaya. Ndawapempha kuti abweretse chithunzi cha pepala chimene chili m'chimango kunyumba.

Lachitatu, 9 Okutobala

Chafika. Ndi cha masentimita 10 ndi 15, chojambulidwa pa khonde dzuwa lili kumbuyo, kotero nkhope yada kuposa mmene iyenera kukhalira. Ndachisikana pa 600 dpi kwa mnzanga wa fotokope, K1,500, ndipo chatuluka mapikiseli pafupifupi 2,360 ndi 3,540. Nkhope pa pepalapo ndi masentimita 4 m'lifupi, ndiye kuti mapikiseli oposa 900. Apa pali pogwira.

Ndisanakhudze kompyuta ndakhala ndi mayi aja pa benchi, ndawafunsa kuti chimene chimapangitsa anganga kukhala anganga n'chiyani. Sanachedwe kuyankha. Chipini cha pamphuno, mbali ya kumanzere. Mphini zitatu pa tsaya lililonse. Chikope cha diso lamanja chimene chinagwa pang'ono. Ndi mlomo wam'munsi, umene amaukankhira kutsogolo akafuna kuseka. Duku sanalitchule n'komwe. Zinthu zinayi zimenezi ndazilemba pa kapepala, ndipo chilichonse chotuluka ndizichiyeza ndi kapepalako.

Lachinayi, 10 Okutobala: fyuluta

Ndayamba ndi ya pa foni, ija imasandutsa munthu katuni m'masekondi khumi. Mayi aja ndinawafunsa kaye, chifukwa mapulogalamu ambiri otere amatumiza chithunzi ku makompyuta a eni ake, ndipo nkhopeyo si yanga. Analola. Chotuluka chinali chokongola, koma ndi mtsikana wa maso aakulu, khungu losalala ngati papaya. Mphini palibe, chipini chasanduka kadontho kotuwa, maso onse awiri alingana. Pa zinthu zinayi zija chatsala chimodzi, mlomo. Ndipo palibe batani lililonse loti ndibwezere zimene zachotsedwa.

Ndapita ku GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, `Filters > Artistic > Cartoon`. Iyi ndi yosiyana. Sijambulanso nkhope, imangoyang'ana pikiseli iliyonse n'kuiyerekeza ndi zoizungulira, ndipo imene yada kuposa anzake imaidetsa kukhala mzere wakuda. Pali zosintha ziwiri, `Mask radius` ndi `Percent black`. Ubwino wake ndi woti nkhope sisuntha: chikope chogwa chija chili pomwe chinali, chipini chilipo. Vuto ndi loti fyulutayi sidziwa kusiyanitsa mphini ndi khwinya, kapena khwinya ndi fumbi la pa galasi la sikana. Zonse imazipatsa mzere wofanana. Ndikakweza `Percent black` kuti mphini zioneke, nkhope yonse ikukhala ngati dothi la m'dambo la Malombe mu Okutobala muno, ming'alu yokhayokha. Ndikatsitsa, mphini zikupita limodzi ndi ming'aluyo.

Palinso china chimene okonza zithunzi za anthu akuda ayenera kudziwa. Pa chithunzi chojambulidwa dzuwa lili kumbuyo, nkhope yonse imapanikizana kumbali yakuda ya kuwala, ndipo kusiyana kwa mphumi ndi tsaya kumakhala kochepa kwambiri. Ndinayesa `Colors > Threshold` osakonza kanthu, ndipo ndinapeza chibulumwa chakuda chokhala ndi maso awiri. Ndachikonza podula chithunzi kuti patsale mutu wokha, kenako `Colors > Curves`, kukweza mbali yakuda mpaka mphumi, nsonga ya mphuno ndi masaya zitasiyana ndi pansi pa chibwano. Khoma la kumbuyo layera mbee, koma silikundikhudza.

Fyuluta yandidyera ola limodzi ndi theka, ndalama ayi. Siipita pa tisheti. Koma ndasunga chinthu chimodzi: chithunzi chokonzedwacho ndachichotsa mtundu, ndachifewetsa ndi `Gaussian Blur` ya mapikiseli 6, n'kuchipatsa `Posterize` ya magawo 3. Chatuluka ngati mapu osonyeza powala, pakatikati ndi pamthunzi. Ndikuona kuti chidzandithandiza.

Loweruka, 12 Okutobala: Stable Diffusion, tsiku loyamba

Laputopu yanga singakwanitse, ndiye ndabwereka ya mphwanga imene ili ndi khadi la zithunzi la 4 GB. Anaikamo kale modelo ya Stable Diffusion 1.5 ndi AUTOMATIC1111, pulogalamu yoiyendetsera, zimene zandipulumutsa ku bandulo, poti fayilo ya modeloyo payokha ndi ma GB angapo. Poyamba inakana, ikuti `CUDA out of memory`, kutanthauza kuti memore ya khadi lija yachepa. Mphwanga anati ndisinthe mzere umodzi mu `webui-user.bat`:

```
set COMMANDLINE_ARGS=--medvram
```

Yayenda, ngakhale pang'onopang'ono. Ndi kutentha kwa Mangochi mwezi uno, pofika 11 koloko fani yake imalira ngati injini ya boti ndipo liwiro limatsika. Ndaikweza pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi.

Pa tabu ya `img2img` ndaika mutu wa anganga, 512 ndi 512, kukula kumene modelo imeneyi inaphunzitsidwira. Mawu olamula ayenera kukhala a Chingerezi:

```
flat vector portrait of an elderly African woman, headscarf, two colours, bold shapes
Steps: 30, CFG scale: 7, Seed: 1234
```

`Seed` ndaikhomera pa nambala imodzi dala. Ikamasintha yokha sungadziwe ngati chithunzi chasintha chifukwa cha zimene wakhudza kapena chifukwa cha mwayi.

Chosintha chachikulu pa ntchito yonseyi ndi `Denoising strength`, chimene chimayambira 0 kufika 1. Pulogalamuyi imathira chipwirikiti cha timadontho pa chithunzi chako, kenako n'kuchichotsa pang'onopang'ono ikulingalira chimene chiyenera kukhala pansi pake. Nambalayo ndi kuchuluka kwa chipwirikiticho. Ndinayamba ndi 0.75, imene ndinaipeza ili kale pamenepo. Chinatuluka chojambula chaukhondo, choti ungapachike mu hotela ya ku Makawa, koma ndi mayi wina wa zaka 50, wa mphuno yosongoka, khungu loyererapo, ndi ndolo zimene anganga alibe. Pa 0.3 anabwera anganga enieni, koma sichinali chojambula, chinali chithunzi chomwe chija ngati wina wachipaka mafuta. Ndayenda pakati: 0.4, 0.45, 0.5, 0.55. Pa 0.45 mlomo ulipo, chikope chagwa pang'ono, mphini zazimiririka. Pa 0.55 chayamba kuoneka ngati chojambula, ndipo pomwepo maso alingana, chipini chasanduka njerewere.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya njirayi. Batani limene limabweretsa kukongola kwa chojambula ndi lomwelo limene limachotsa mwini nkhope. Ndimayembekezera kupeza kanambala kena pakati pamene zonse ziwiri zikumana, koma pa nkhope iyi sindinakapeze.

Lolemba, 14 Okutobala: tsiku lachiwiri

Usiku ndinawerengera chifukwa chake mphini zikusowa ngakhale pa nambala yotsika. Pa pepala lija mphini imodzi ndi yopyapyala kuposa milimita imodzi, mwina 0.6, ndiye pa sikani ndi mapikiseli 14. Mutu ndinaudula masentimita 6 mbali zonse, mapikiseli pafupifupi 1,400, n'kuuchepetsa kufika 512. Mphini yatsala mapikiseli 5. Tsono Stable Diffusion sigwira ntchito pa mapikiseli enieniwo. Imayamba yafinya chithunzi kasanu ndi katatu mbali iliyonse, 512 n'kukhala 64, ndipo kabokosi kamodzi m'menemo kamaimira mapikiseli 8 ndi 8. Mphini ndi yopyapyala kuposa kabokosi kamodzi. Chipwirikiti chikathiridwa pamwamba, kamzere kofooka kotere ndi koyamba kumira, ndipo modelo ikamabwezeretsa tsaya imabwezeretsa tsaya limene inazolowera kuona, losalala.

Ndawonjezera ControlNet, imene imagwira mizere ya chithunzi kuti isasunthe. Fayilo ya `control_v11p_sd15_lineart` ndi pafupifupi 1.4 GB. Ndagula bandulo ya K6,000, magetsi anazima itatsala pang'ono kutha, ndipo ndinayambiranso madzulo. Kusintha kulipo ndithu. Ndi ControlNet ndafika pa 0.65 chibwano, mphuno ndi chikope zili m'malo mwake. Koma mphini sizinalowe mu mizere imene inatola, ndipo nditazijambula ndekha pa chithunzi cha mizerecho, modelo inaziona ngati makwinya n'kuzipinda kutsata tsaya. Khungu nalo limayererabe pokhapokha nditalemba `dark brown skin` ndi kuika `light skin` ku `Negative prompt`, kumene umalemba zimene sukuzifuna.

Pa zithunzi 60 ndasankha zitatu. Mayi aja anabwera ndi mwana wawo wa zaka 7, ndiye ndinamuonetsa mwanayo osamuuza kanthu.

"Iwe, ameneyu ndani?"

Anayang'ana nthawi yaitali. "Akufanana ndi azakhali a ku Namwera."

Amayi ake anaseka mpaka kugwira chitseko. Mwanayo sananame. Ndi nkhope ya pabanjapo, koma si anganga.

Pali vuto lachiwiri limene likanandigwira ngakhale nkhope ikanafanana. Ndinalemba kuti mitundu iwiri, koma modelo siwerenga mitundu. Ukakulitsa umapeza bulauni wa mitundumitundu akusungunukirana. Ndinachiika mu Inkscape, `Path > Trace Bitmap`, magawo atatu, ndipo chinatuluka ndi mfundo zogwira mizere masauzande ndi tizilumba ting'onoting'ono timene sitingatuluke pa sikirini yosindikizira matisheti. Kuyeretsa zimenezo ndi ntchito yofanana ndi kujambula mwatsopano.

Chimodzi chokha ndatengako: duku. Pa chithunzi chenicheni dukulo lili ndi maluwa ang'onoang'ono osokoneza, ndipo chimodzi mwa zithunzi za pa 0.65 chinalisandutsa mapindo akuluakulu asanu ooneka bwino. Pa duku palibe amene adzati "si limeneli".

Lachitatu, 16 Okutobala: dzanja

Ndilibe tabuleti yojambulira, ndi mbewa ya kompyuta basi. Mu Inkscape ndaika sikani pa leya ya pansi n'kuikhoma, pamwamba pake mapu aja a `Posterize` ooneka theka, kenako maleya awiri opanda kanthu, bulauni ndi wakuda. Mtundu wachitatu ndi nsalu yeniyeniyo.

Kale ndinkalakwitsa poyamba ndi mizere yakuda yozungulira maso, mphuno ndi milomo, ngati mmene tinkajambulira ku pulayimale. Nkhope ya munthu ilibe mizere yotero, ili ndi powala ndi pamthunzi. Ndiye ndayamba ndi bulauni, chigamba chimodzi chachikulu chophimba nkhope ndi khosi lonse, ndi cholembera cha `B`. Kenako ndaboola malo owala kuti nsalu ionekere: mphumi, msana wa mphuno, pamwamba pa masaya, kachigawo ka mlomo wam'munsi. Ndasamala kuti zoboolazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a nkhope. Ukaboola kwambiri pa tisheti yoyera, munthu wakuda amatuluka woyera, vuto lomwe lija ndimadandaula nalo pa makina.

Mapu a `Posterize` andiuza poyambira, koma sindinawatsate paliponse. Amaonetsa diso lamanja lonse ngati dzenje lakuda, chifukwa linali mumthunzi. Ndinawazimitsa, n'kukulitsa sikani, n'kulondola chikope chenichenicho, mfundo zisanu ndi imodzi zokha. Mfundo zikachepa mzere umayenda bwino, ndipo ndi chida cha `N` umaukhotetsa mmene ukufunira.

Makwinya andivuta. Ndinawalondola onse, 30 ndi kuposa, ndipo anganga anaoneka ngati a zaka 120 ndiponso okwiya. Ndafufuta n'kusiya asanu ndi awiri: awiri otsika kuchokera pamphuno, awiri pamphumi, atatu m'mbali mwa maso. Malo atapezeka, mphini zinayamba kuoneka zokha. Ndazijambula zowongoka, zofanana kutalika, zonenepa kuposa mmene zilili pa chithunzi, kuti diso lidziwe kuti izi anachita kutema. Ichi ndi chimene fyuluta ndi modelo zonse zinalephera, osati chifukwa chosowa mphamvu, koma chifukwa sizinakhale pa benchi paja Lachitatu lapitali. Chipini ndachipanga kabwalo ka nsalu kozunguliridwa ndi wakuda, kokulirapo pang'ono kuposa chenicheni.

Maola 5 lero, khosi likuwawa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Maola ena 3. Duku ndalilondola kuchokera pa chija cha Stable Diffusion, ndipo latenga mphindi 40 zokha. Kuti ndione zolakwika zimene diso lazolowera, ndatembenuza chojambula chonse ndi `H` ngati pa kalilole, ndipo pomwepo ndaona kuti chibwano chapendekera. Ndakonza.

Madzulo mwana uja anabwera ndi amayi ake. Asanafike n'komwe pa tebulo anakuwa, "Anganga!"

Loweruka, 19 Okutobala: filimu ndi sikirini

Ndinajambula pa masentimita 25 ndi 30, kuiwala kuti makina a leza amene ndimasindikizira filimu, pepala loonekera losamutsira chojambula pa sikirini, ndi a A4, masentimita 21 ndi 29.7. Oti asindikize A3 pa pepala loonekera sindinawapeze pafupi. Ndachepetsa chojambula kufika 20 ndi 24, ndiye kuti chilichonse chatsika ndi gawo limodzi mwa asanu. Mizere ya m'mbali mwa maso imene inali theka la milimita yatsala 0.4. Sikirini yanga ndi ya 43T, ulusi 43 pa sentimita, ndipo ndi mmene ndimaumitsira mankhwala padzuwa, mzere wochepera theka la milimita umaduka kapena kutsekeka. Ndabwerera kukanenepetsa mizere yonse yopyapyala kufika 0.6, mphini 1.2. Apa ndinayamikira kuti ndi chojambula cha dzanja, chifukwa mzere uliwonse ndi chinthu pachokha, umangousankha n'kusintha nambala. Kenako `Path > Stroke to Path` kuti isasinthenso.

Bulauni ndamusiya kuti apitirire pansi pa wakuda yense, osamuboola. Tisheti ikasuntha milimita imodzi pakati pa mitundu iwiriyo, sipaoneka kampata koyera. Filimu iliyonse ndasindikiza kawiri n'kuphatikiza, chifukwa wakuda wa leza pa pepala limodzi amadutsa dzuwa. Mapepala oonekera K4,000, mankhwala a sikirini ndinali nawo.

Lolemba, 21 Okutobala: tisheti yoyesera

Yatuluka bwino, mizere yonse ilipo. Ndinaijambula n'kutumiza, ndipo pasanathe mphindi zisanu foni inalira.

"Achimwene, mwagwira ntchito, koma chipini cha anganga chili kumanzere. Apa mwawaboola kwina."

Lachinayi lija nditatembenuza ndi `H` sindinabwezere. Ndinapitiriza kukonza, kusunga, kusindikiza, zonse chili chotembenuka. Mwana uja sanaone, inenso sindinaone, ngakhale kapepala ka zinthu zinayi kali pakhoma pamaso panga. Poti pa chojambulacho palibe malemba, sindinasindikizenso mafilimu, ndangowatembenuza. Koma inki ya leza tsopano sikhudza mankhwala mwachindunji, ndiye ndapanikiza ndi galasi lolemera kuti dzuwa lisalowe m'mbali mwa mizere. Kutsuka masikirini awiri ndi kuwapakanso kwandidyera tsiku lathunthu ndi tisheti imodzi ya K6,500. Kuyambira lero ndikatembenuza chojambula ndiziyamba ndalemba chilembo chachikulu pakona, kuti chikakhala chagada ndichione.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndasindikiza 40 onse masiku awiri, kuyamba 5 koloko m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera inki ya madzi imaumira mu sikirini ndipo mizere ya maso ndiyo imayamba kutsekeka. Awiri awonongeka, wakuda anasuntha. Inki ya mitundu iwiri K28,000.

Nthawi yonse ya chojambula chokha: fyuluta ola limodzi ndi theka, Stable Diffusion maola pafupifupi 9 ndi bandulo, dzanja maola 8 ndi limodzi lokonza mizere. Ndinalipiritsa K25,000 ya chojambula, ndipo ndaona kuti ndinadzidyera. Wina akabwera ndi nkhope ya munthu amene abale ake adzaiyang'anitsitsa, yopita pa sikirini, ndizipita ku dzanja tsiku loyamba, ndi mapu a `Posterize` pansi, ndipo mtengo uzikhala wa masiku awiri. Makina ndiziwasiyira zovala, mitengo ndi nyanja ya kumbuyo, kapena chikwangwani chofuna "msodzi" aliyense osati bambo ake a munthu.

Dzulo kwabwera mphunzitsi wina akufuna nkhope 18 za timu ya mpira pa positala imodzi ya pepala, iliyonse masentimita 5, pofika Lolemba. Pamenepo dzanja silingatheke, maola 8 kuchulukitsa 18. Ndayesa ziwiri ndi `Curves` kenako `Cartoon` ya GIMP: anyamata a nkhope zosalala, ojambulidwa pamthunzi wa mtengo kuwala kuli kutsogolo, ndipo pa kukula kumeneko akudziwika bwinobwino. Atatu mwa iwo zithunzi zawo ndi zofinyika ngati choyamba chija, ndiye mawa ndipita kusukuluko kukawajambula ndekha.